Momwe mungasanjire katundu pa mashelefu m'golosale potsata njira ya ABC

Njira ya ABC imagawa katundu wa m'golosale m'magulu atatu potengera momwe amatulukira. Gulu A ndi la katundu woyenda malonda kwambiri, B ndi wapakatikati, ndipo C ndi amene amakhalitsa pa shelefu. Maziko ake ndi akuti mitundu yochepa chabe ya katundu ndi imene imabweretsa gawo lalikulu la malonda, choncho iyenera kupatsidwa malo abwino koposa.

Yambani ndi kulemba m'kope chilichonse chimene chagulidwa kwa masabata anayi. Musafupikitse nthawiyi, chifukwa malonda a kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro, amasiyana ndi a pakati pa mwezi. Werengani chiwerengero cha zinthu zimene zatuluka, osati ndalama zimene zalowa. Ambiri amalakwitsa pamenepa: kuwerengera ndalama kumathandiza podziwa pamene mpamba wagona, koma posanja mashelefu chofunika ndi kudziwa kangati dzanja lanu limafikira chinthucho.

Kenaka ndandalikani katunduyo kuyambira wotuluka kwambiri, n'kumaphatikiza manambala mukutsika. Tiyerekeze kuti golosale ili ndi mitundu 40 ya katundu ndipo yagulitsa zinthu 2,000. Shuga watuluka mapaketi 400, buledi 360, sopo 300, machesi 240, mafuta ophikira 200 ndipo mchere 100. Zonsezi pamodzi zikukwana 1,600, omwe ndi magawo 80 pa 100 alionse a zogulitsidwa, ndipo mitundu isanu ndi umodziyi ndiyo gulu A. Mitundu yotsatira imene ikufikitsa chiwerengerocho pa 1,900, monga tiyi, majarini ndi makandulo, ndi gulu B. Yotsala yonse, ngakhale ili yambiri, yangotulutsa zinthu 100, ndipo ndiyo gulu C. Malire amenewa si lamulo lokhwima. Ngati pali mpata waukulu pakati pa zinthu ziwiri zotsatizana, dulani pomwepo.

Tsopano gawani malo. Mashelefu a pakati pa chiuno ndi mapewa, pafupi ndi pamene wogulitsa amaima, akhale a gulu A, chifukwa apo munthu amatenga chinthu popanda kuwerama kapena kunyanyamphira. Gulu B likhale pamwamba ndi pamunsi pa amenewa, ndipo C lipite pamwamba penipeni kapena kumakona.

Chilembo cha gulu chimangonena pamene chinthu chikhale, pomwe kukula kwa malo ake kumatengera kukula kwa chinthucho, ndipo apa m'pofunika kuwerengera mosamala. Shuga ndi machesi zonse zili m'gulu A, koma shuga wotuluka mapaketi 100 pa sabata ndi mabelo asanu a mapaketi 20, pamene machesi 60 a pa sabata amakwana m'kakatoni kamodzi pansi pa kauntala. Ngati mumadzaza mashelefu kawiri pa sabata, shuga akufunika malo okwana mapaketi 50, kuwonjezapo ochepa ongoyembekezera tsiku la msika, ndipo otsalawo akhale mosungira katundu. Pa katundu wa gulu C, chinthu chimodzi chokha cha mtundu uliwonse chioneke kutsogolo, zinazo zitabisala kumbuyo kwake.

Kulemera kumaposa chilembo. Zigubu za mafuta za malita asanu ndi matumba a mpunga ziyenera kukhala pa shelefu ya pansi ngakhale zikuyenda malonda, ndipo zikhale pa thabwa lotukuka pang'ono kuti chinyezi cha simenti chisalowe m'matumba. Pamwamba paikidwe zopepuka zokha, monga mapepala a kuchimbudzi, pakuti chinthu cholemera chikagwa kuchokera pamenepo chimavulaza munthu. Sopo asayandikane ndi shuga, buledi, ufa kapena tiyi, chifukwa fungo lake limalowerera ndipo ogula amabweza katunduyo; m'patseni malo a msinkhu womwewo mbali ina. Tinthu ting'onoting'ono todula, monga mabatire ndi mafuta odzola, tikhale pamene maso anu amafika nthawi zonse, kaya tili m'gulu liti.

Podzaza shelefu, katundu watsopano apite kumbuyo ndipo wakale abwere kutsogolo. Izi n'zofunika kwambiri ku gulu C, kumene zinthu zimatha mphamvu mwini wake asakudziwa.

Masanjidwe akasokonekera mudzaona ndi maso: shelefu ya pakati ikamatha dzuwa lisanalowe, ndiye kuti malo ake achepa, ndipo chinthu cha pamenepo chikamachita fumbi, chatsika gulu. Muzisamalanso ndi katundu amene anasowa masiku ambiri pa nthawi ya kalembera, chifukwa manambala ake amatsika ngakhale anthu amamufuna. Bwerezani kuwerengaku miyezi itatu iliyonse, komanso nyengo ikamasintha, popeza makope ndi zolembera zimakwera kufika gulu A sukulu zikamatsegulidwa, n'kubwerera ku C teremu ili mkati.