Momwe mungalembere mauthenga a sabata yonse otsatsa chakudya cha tsiku pa lesitilanti yanu

Malesitilanti ambiri amaika uthenga umodzimodzi tsiku lililonse: "Lero tili ndi nsima, mpunga, nkhuku, ng'ombe, bwerani." Pofika Lachitatu maso a anthu amakhala atauzolowera, chala chimangoudumpha. Ine ndimalembera lesitilanti ya achemwali anga yomwe ili pafupi ndi maofesi m'tauni, ndipo njira yomwe imatithandiza ndi yoti uthenga uliwonse ukhale ndi zigawo ziwiri. Chigawo chapansi dongosolo lake silisintha: chakudya, mtengo, nthawi yomwe chipsa, komwe tili, ndi momwe munthu angaodere. Chigawo chapamwamba, mzere woyamba uja, ndiye nyambo, ndipo chimasintha tsiku lililonse malinga ndi amene akudya komanso momwe thumba lake lilili tsikulo.

Mzere woyambawo ukhale waufupi. Pa Facebook uthenga ukatalika amaudula n'kuika See more, ndipo anthu ochepa okha ndi omwe amadina. Pa Status ya WhatsApp ndiye mawu ambiri amangophimba chithunzi. Choncho dzina la ndiwo lioneke m'mizere iwiri yoyamba.

Yambani Lamulungu madzulo, mutakhala pansi ndi ophika. Lembani ndiwo zisanu ndi ziwiri zomwe akuganiza kuphika, ndipo pambali pa iliyonse mulembe komwe ichokere komanso mbale zingati zituluke. Zikatero lembani mauthenga onse mu foni nthawi imodzi. Kuwalemba pamodzi kumathandiza kuona ngati nyambo ikubwerezedwa, chifukwa ukamalemba m'mawa uliwonse mothamanga umapezeka wayamba ndi "Lero tili ndi" kasanu. Mitengo yomwe ndaika m'munsimu ndi yongoperekera chitsanzo, inu muike yanu, poti mafuta ophikira ndi makala sizikhala pamtengo umodzi.

Lolemba anthu amakhala atawononga ndalama kumapeto kwa sabata, ndiye nyambo ndi mtengo. Yambani ndi nambala yeniyeniyo:

"K3,500 yokha, mukhuta mpaka poweruka. Nsima ya mgaiwa, nyemba zofiira ndi bonongwe. Zipsa 12 koloko. Odani pa WhatsApp, lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba."

Musachite manyazi kulemba mtengo. Amene amalemba kuti "mtengo ku inibokosi" amataya munthu wa muofesi yemwe ali ndi mphindi ziwiri zokha zoti asankhe kodyera. Munthuyo safunsa, amangopita komwe mtengo ukuoneka.

Lachiwiri nyambo ndi komwe chakudyacho chachokera. Apa mpunga wa Kilombero umagwira ntchito yokha, chifukwa aliyense amalidziwa fungo lake:

"Wachokera ku Karonga, ndipo fungo lake mulimva musanalowe pakhomo. Mpunga wa Kilombero ndi nyama yambuzi yofutsa, kachumbali pambali. K6,000."

Koma mulembe zimenezi ngati mpungawo ndi Kilombero weniweni. Pamsika alipo ogulitsa omwe amaika Kilombero pamwamba pa thumba, pansi n'kuthira mpunga wina wosweka. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, mutape, mununkhize. Kasitomala yemwe anakulira kumpoto amazindikira pa supuni yoyamba, ndipo akakutsutsani pansi pa positi yanu anthu onse awerenga.

Lachitatu funsani funso. Pakati pa sabata anthu amakhala atatopa, ndipo amakonda kuyankha zinthu zopepuka. Funso likhale la zinthu ziwiri zokha zoti asankhepo, osati "mukufuna kudya chiyani?", poti limenelo silipeza woyankha.

"Nkhwani wotendera kapena therere? Pa nkhuku yalokolo ya lero tiikepo chiyani? Yankhani isanakwane 11 koloko, zomwe zichuluke ndi zomwe tiphike. Mbale K7,000."

Uthenga umenewu uziikidwa m'mawa kwambiri kusiyana ndi enawo, cha m'ma 8 koloko, kuti ophika apeze nthawi. Ndipo zomwe anthu asankha muphikedi. Ikakwana 12 koloko ikani chithunzi cha mbaleyo ndi mawu ochepa, "Nkhwani wapambana, wapsa." Anthu omwe anayankha aja amabwera ngati eni ake a ndiwoyo.

Lachinayi onetsani ntchito ya kukhitchini. Ndiwo zomwe zimatenga nthawi yaitali, monga mang'ina, zimagulitsika bwino mukanena nthawiyo:

"Mphika uwu uli pamoto kuyambira 5 koloko m'mawa. Mang'ina ofewa oti simulimbana nawo, msuzi wokhathamira, tsabola wa kambuzi kwa omufuna. K5,500 ndi nsima."

Chithunzi chake chikhale cha mphika weniweniwo nthunzi ikutuluka. Ngati mukufuna kujambula ophika, apempheni kaye, ena safuna nkhope yawo pa intaneti. Manja ndi chipande zimakwana. Jambulani pafupi ndi khomo kapena windo pomwe pali kuwala kwa dzuwa, ndipo mupukute kamera ya foni ndi kansalu, chifukwa foni yokhala kukhitchini imagwira mafuta ndipo zithunzi zimatuluka ngati muli chifunga. Zithunzi zotapa pa intaneti zisiyeni. Munthu akaona mbale yoyera ya kuhotela pa foni, n'kulandira ina yosiyana, amaona ngati mwamupusitsa ngakhale chakudyacho chikome.

Tsopano Lachisanu, ndipo apa ndichedwapo. Nyambo ya tsikuli ndi kuchepa kwa chinthu: chambo chilipo chowerengeka, wochedwa sachipeza. Imakoka kwambiri, makamaka Lachisanu la malipiro, koma ndi yomwenso ingakugwetseni m'mavuto. Ife zinatichitikira. Wotibweretsera nsomba analonjeza Lachinayi madzulo kuti chambo chikuluchikulu chifika m'mawa kuchokera ku Mangochi, ndipo ndalama anali atalandira kale. Uthenga unatuluka 9 koloko ndi chithunzi cha chambo cha sabata yapitayo, anthu n'kuyamba kutumiza ndalama pa foni kuti tiwasungire. Nsomba inafika mochedwa, ndipo titatsekula bokosi tinapeza makumba ang'onoang'ono, ena atafewa kale mimba chifukwa ayezi anasungunukira m'njira. Inali nthawi ya nkhomaliro, anthu ali pamzere, ena atabwera ndi anzawo a kuofesi. Achemwali anayima pakauntala kupepesa mmodzimmodzi, ine ndikubweza ndalama pa foni, ndipo ndalama yotumizira inatuluka m'thumba mwathu. Chopweteka kwambiri chinali ndemanga zomwe zinalembedwa pansi pa positiyo, chifukwa zinakhalapo nthawi yaitali tsikulo litadutsa.

Kuchokera pamenepo, uthenga wa nsomba sutuluka nsombayo isanalowe m'khitchini. Dongosolo lake ndi ili. Bokosi likafika, ophika amatsekula wobweretsayo ali pomwepo. Amaona maso ngati ali owala, amadina thupi ndi chala kuona ngati likubwerera, amanunkhiza. Kenako amawerenga, n'kuchotsapo ziwiri kapena zitatu zosungira makasitomala a tsiku ndi tsiku omwe salowa pa WhatsApp. Nambala yotsalayo ndi yomwe imalowa mu uthenga. Tinene kuti zafika 25, mulemba 22:

"Chambo 22 chokha, chafika m'mawa uno. Chokazinga chathunthu, ndi nsima kapena chipisi, K12,000. Tumizani dzina tikusungireni. Chikatha chatha."

Chithunzi chikhale cha nsomba ya tsiku lomwelo, ndipo muike pambale yomwe mumaperekera kuti kukula kwake kuoneke. Ngati zomwe zabwera ndi makumba, lembani makumba ndipo mutsitse mtengo. Ndi nsomba yokoma, ili ndi oikonda, palibe chifukwa choibatiza dzina la chambo. Nambala ikamatsika muziuza anthu, "Chatsala 6", ndipo chikatha lembani kuti chatha, mufufute Status ija. Kumbukirani kuti Status imakhala maola 24, ndiye mukaisiya munthu adzaiona Loweruka m'mawa n'kubwera kudzafuna chambo cha dzulo.

Mukhalenso ndi uthenga wachiwiri wa Lachisanu wolemberatu, wa ndiwo yomwe simudalira munthu wina, monga nkhuku yootcha. Nsomba ikapanda kufika pokwana 10 koloko, mumangotulutsa umenewo popanda wina kudziwa kuti panali vuto. Izi n'zofunika kwambiri kumapeto kwa chaka, nthawi yomwe usodzi umatsekedwa m'madera ena a nyanja kuti chambo chiswane. Nthawi imeneyo chambo chimasowa ndi kukwera mtengo, ndipo wogulitsa amene akukulonjezani chambiri motchipa mumufunse bwino komwe wachitenga.

N'chifukwa chakenso nkhani yoikiratu mauthenga kuti azituluka okha ndimaichita mosamala. Mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera tsamba la bizinesi pa Facebook, mungathe kusankha tsiku ndi ola loti positi ituluke pa Facebook, ndipo zimathandiza pa nyemba za Lolemba kapena mpunga wa Lachiwiri, zinthu zomwe zili kale m'sitolo. Pa nsomba, bowa kapena chilichonse chobwera m'mawa womwewo, dinani nokha mutaona ndi maso.

Loweruka maofesi ambiri ndi otseka, odya ndi anthu obwera m'magulu, ndiye itanani gulu: "Bwerani anayi, mulipire atatu. Kanyenya wa mbuzi, chipisi ndi kachumbali kuyambira 1 koloko." Werengerani kaye ngati mbale yachinayiyo ikutuluka m'phindu, apo ayi perekani thobwa laulere m'malo mwake, limatchipa.

Lamulungu nyambo ndi mpumulo wa amayi kunyumba: "Mukaweruka kutchalitchi musakoleze moto. Nkhuku yathunthu, mpunga ndi masamba, zokwana banja la anthu asanu. Odani isanakwane 10 koloko." Uthengawu utuluke Loweruka madzulo, poti Lamulungu m'mawa mafoni amakhala m'zikwama.

Masiku ena onse ikani uthenga pakati pa 10 ndi 11 koloko, njala itayamba koma anthu asanapangane kodyera. Status ya WhatsApp imaonedwa ndi okhawo omwe munasungirana nawo manambala, ndiye aliyense wolipira pa foni mumupemphe asunge yanu, inunso musunge yake. Anyamata omwe amabwera ku inibokosi kuti akugulitsani otsatira masauzande, kapena kupempha pasiwedi ya tsamba lanu kuti alikweze, akaneni. Otsatira ogulawo sadya nsima m'tauni mwanu, ndipo tsamba likapita m'manja mwa wina kulibweza n'kovuta.

Sabata ikatha funsani kukauntala mbale zomwe zinatuluka tsiku lililonse, osati kuwerenga malaiki. Sabata yotsatira sinthanitsani nyambo, funso lipite Lachinayi, za mphika zibwere Lachiwiri, ndipo ndiwo yomwe inatsala m'mphika muiyese ndi mtengo pamzere woyamba.