Momwe mungasankhire pakati pa -ing ndi to mukalemba stop, remember kapena try

Wophunzira wa folomu 4 ku Ngabu akalemba m'chimangirizo kuti *My uncle stopped to drink beer in 2020*, amakhala akufuna kuyamikira amalume ake kuti analeka mowa. Koma chomwe walembacho chikunena zina: amalumewo anali pa ulendo, ndipo anaima kuti amwe mowa. Kamawu kamodzi kasandutsa munthu wolapa kukhala chidakwa.

Gwero la vutoli lili m'chinenero chathu chomwe. M'Chichewa, ngakhalenso m'Chisena, mneni akatsatana ndi mnzake, wachiwiriyo amangotenga ku-: ndikufuna kudya, ndamaliza kudya, ndasiya kudya. Chingerezi chili ndi njira ziwiri pamalo pa ku- mmodzi yemweyo. Ina ndi kuika *-ing* kumapeto kwa mneni, monga *eating*, ndipo aphunzitsi amaitcha jerandi. Inayo ndi kuyamba ndi *to*, monga *to eat*, yomwe ndi infinitivi. Amene amasankha njira ndi mneni woyambayo, choncho ntchito yonse iyambire pa iye.

Choyamba: pezani mneni woyamba, muone ngati ali ndi ufulu wosankha

Aneni ambiri alibe ufuluwo. Ena amangolola *-ing* basi, ndipo amene amapezeka kawirikawiri ndi *enjoy, avoid, finish, keep, mind, suggest* ndi *deny*. Timalemba *They finished picking cotton*, ndipo *finished to pick* ndi cholakwa nthawi zonse. Ena amangolola *to*: *want, decide, hope, plan, refuse, agree, promise, manage, fail*. Ambiri mwa awa amaloza chinthu chomwe sichinachitike pa nthawi yomwe munthu akufuna kapena akulonjeza, ndipo kudziwa izi kumathandiza kuwasunga m'mutu. Komabe lamulo lokwanira palibe, muyenera kuwaloweza, ndipo ndi bwino kuloweza chiganizo chathunthu osati mawu paokha.

Kagulu kena, monga *begin, start* ndi *continue*, kamalola njira zonse ziwiri tanthauzo osasintha. *It started raining* ndi *It started to rain* n'chimodzimodzi. Musatayepo nthawi.

Nthawi yanu ipite kwa *stop, remember* ndi *try*. Awa amalolanso njira ziwiri, koma njira iliyonse ili ndi tanthauzo lakelake.

Chachiwiri: nenani chiganizocho m'Chichewa musanalembe

Pali aphunzitsi omwe amaletsa kuganiza m'Chichewa pa phunziro la Chingerezi. Pa nkhani iyi yokha, kuletsako kumaphonya, chifukwa Chichewa chimasiyanitsa bwinobwino matanthauzo awiriwa, kungoti chimagwiritsa ntchito mawu osiyana pomwe Chingerezi chimagwiritsa mneni mmodzi.

Tengani *stop*. Woyendetsa kabaza wa pa Dyeratu angakuuzeni zinthu ziwiri izi. "Ndinasiya kunyamula makala." "Ndinaima kuti ndinyamule makala." Palibe Mmang'anja kapena Msena amene angasokoneze ziwirizi. Poyamba paja ntchito ya makala yatha. Pachiwiri njinga ndiyo yaima, makala akwere. Ndiye muyeso wake ndi uwu: ngati m'Chichewa mwatuluka mawu akuti kusiya kapena kuleka, lembani *-ing*, ngati mwatuluka akuti kuima kuti, lembani *to*.

*He stopped carrying charcoal.* Anasiya kunyamula makala.

*He stopped to carry charcoal.* Anaima kuti anyamule makala.

Chifukwa chake n'chakuti *to* ameneyu si wa *stop* kwenikweni. Akungofotokoza cholinga, ndipo mutha kumukulitsa kukhala *in order to* chiganizo osawonongeka. Chinthu chomwe chasiyidwa sichinatchulidwe, owerenga amangodziwa kuti ndi kuyenda kapena ntchito ina yomwe munthuyo anali nayo. Mukafuna, zonse ziwiri zitha kukhala m'chiganizo chimodzi: *The cane cutters stopped working to drink water.* Odula nzimbe a ku Nchalo analeka kugwira ntchito kuti amwe madzi. Mawu a *-ing* akutchula chomwe chalekedwa, mawu a *to* akutchula chifukwa.

Muyeso wa *in order to* ndiwo umagwira cholakwa chofala kwambiri, chija cha *It stopped to rain*. Yesani kukulitsa: *It stopped in order to rain*. N'chiyani chinaima kuti mvula igwe? Palibe. Mvula inaleka, ndiye ndi *It stopped raining*. Chimodzimodzinso *The baby stopped crying*, chifukwa mwana salekeza zochita zake n'cholinga choti alire.

Kanthu kena kapambali: mukaletsa munthu wina, Chingerezi chimakonda kuikapo *from*. *The chief stopped them from farming on the river bank.* Amfumu anawaletsa kulima m'mphepete mwa mtsinje. Mukalemba *stopped them to farm*, zimveka ngati amfumu anawaimitsa panjira n'cholinga cha ulimi.

Chachitatu: pa remember, funsani chomwe chinayamba kuchitika

Apa pali zochitika ziwiri, kukumbukira ndi ntchito. Ziikeni pa mzere wa nthawi. Ngati kukumbukira kukubwera kaye, ntchito n'kutsatira, lembani *to*. Ngati ntchito inachitika kale ndipo munthu akungoyiona m'maganizo, lembani *-ing*.

Mayi akutuma mwana kumsika wa Bangula: *Remember to buy salt.* Usaiwale kugula mchere. Mchere sunagulidwe, mwanayo akumbukire kaye kenako agule. Madzulo mchere sukuoneka m'thumba, mwana n'kumadziteteza: *I remember buying salt.* Ndikukumbukira ndithu kuti ndinagula. Kugula kunachitika masana, kukumbukira kukuchitika tsopano.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kuganiza kuti *to* ndi wa m'tsogolo, *-ing* ndi wa kale. Onani chiganizo ichi: *She remembered to lock the goat pen.* Zonsezi ndi zadzulo, koma tagwiritsa *to*, chifukwa mayiyo anakumbukira kaye, kenako anatseka khola la mbuzi. Tikuyerekeza zochitika ziwirizo pazokha, sitikuziyerekeza ndi lero. M'Chichewa, ngati mungathe kunena kuti "sanaiwale kutseka", ndi *to*. Ngati mawu akutuluka kuti "akukumbukira kuti anatseka" kapena "akukumbukira akutseka", ndi *-ing*.

Mneni *forget* amatsata njira yomweyi. *I forgot to close the gate* ndiye kuti geti linagona lotsegula. Ndi *-ing* amapezeka makamaka m'mawu ngati *I will never forget crossing the Shire by canoe*, pokamba chinthu chomwe chinakhazikika mumtima.

Chachinayi: pa try, funsani komwe kuli vuto

Uyu ndiye woterera, ndipo ngakhale eni Chingerezi nthawi zina amasakaniza polankhula. Pa mayeso ndi m'kalata ya ntchito tsatani kusiyana uku. *Try to* ndi kuyesetsa: ntchitoyo ndiyo yovuta, ndipo mwina itheka, mwina ikanika. *Try* wotsatana ndi *-ing* ndi kuyesako: ntchitoyo njosavuta, munthu waichitadi, koma akufuna aone ngati ithetse vuto lina.

Usiku wa mu Okutobala ku Nsanje, kutentha kuja koti mkeka umachita kuotcha msana. Wina akudandaula: *I tried to sleep, but it was too hot.* Ndinayesetsa kugona koma tulo sitinabwere. Chovuta ndi kugonako. Mnzake akumulangiza: *Try sleeping on the veranda.* Tayesani kugona pakhonde muone. Kugona pakhonde aliyense angathe, funso ndi lakuti kuthandiza kapena ayi.

Muyeso wachangu ndi kufunsa kuti, kodi ntchito yatchulidwayo inachitika? *He tried to open the window* kawirikawiri zimatanthauza kuti zenera linakanika kutseguka. *He tried opening the window* ndiye kuti zenera linatsegulidwa, koma mwina mphepo yomwe inalowa inali yotentha ngati ya m'nyumba momwemo.

Chachisanu: konzani ndime yonse

Nayi ndime yongoyerekeza, ya mtundu womwe ophunzira amalemba akapatsidwa mutu wa madzi osefukira, monga omwe anabwera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

*It did not stop to rain for three days. I remember to hear people shouting at night. My father tried carrying the maize to the school, but the water was too deep. We stopped resting under a tree. Luckily, my mother remembered taking our health passports.*

Muli aneni asanu ofunika kuwayesa, ndipo onse alakwika. Chiganizo choyamba m'Chichewa ndi "mvula sinaleke", ndiye kuleka kukutipatsa *stop raining*. Chachiwiri, kufuula kunamveka usiku uja, kukumbukira n'kwa lero, ndiye *I remember hearing*. Chachitatu chimafuna kufatsa. Galamala yake si yoipa, koma mawu akuti *too deep* akutiuza kuti chimanga sichinafike kusukulu. Bambo anayesetsa n'kulephera, choncho *tried to carry* ndiye akugwirizana ndi nkhaniyo. Chachinayi, momwe chalembedwera chikuti banjalo linasiya kupuma, pomwe wolemba akufuna kunena kuti linaima kuti lipume: *We stopped to rest*. Chomaliza, mawu akuti *luckily* ndiwo akuulula. Mwayi unali wakuti mayi sanaiwale kutenga mabuku akuchipatala, ndiye *remembered to take*.

Mwaona kuti pa ziganizo ziwiri yankho linachokera ku mawu ena, *too deep* ndi *luckily*. Mafunso osankha yankho amakhalanso choncho: *-ing* ndi *to* onse amaoneka olondola mukangoyang'ana mneni yekha, ndipo chokuthandizani chimakhala chitabisala kumayambiriro kapena kumapeto kwa chiganizo. Werengani mpaka pampumiro musanachonge.

Pomaliza: yang'anani mperekezi ndi kalembedwe

Mneni akabwera pambuyo pa mperekezi monga *in, of, at, about, without, before* kapena *after*, amatenga *-ing* nthawi zonse: *She is good at weaving mats*, *He left without paying*. Msampha uli pa *to* yemwe nthawi zina ndi mperekezi. M'makalata ofunsira ntchito anthu amamaliza ndi *I look forward to hear from you*, pomwe cholondola ndi *to hearing*. Kuti mudziwe, ikani dzina pambuyo pa *to*. *I look forward to your reply* ikumveka bwino, ndiye *to* ameneyo ndi mperekezi ndipo afuna *-ing*. *I want to your reply* sikumveka, ndiye *want to* atsatane ndi mneni wosaphatikiza kanthu.

Kalembedwe nako kamadya malikisi mwakachetechete. *Stop* amabwereza lemba lomaliza, *stopped* ndi *stopping*, monganso *cutting* ndi *digging*. *Try* amakhala *tried* koma *trying*. *Write* amataya *e* n'kukhala *writing*, wa *t* mmodzi. Ndipo pambuyo pa *to* wa infinitivi mneni sasintha ngakhale nkhani ikhale yakale: *We stopped to rest*, osati *to rested*.