Momwe mungafufuzire mwini kalata yopanda dzina, ndi zomwe simunganene m'khoti

Tinene kuti loya wakupatsani kalata yoopseza ya mawu 600 yopanda dzina, ndipo akukayikira anthu atatu a pa ofesi imodzi. Njira yowerengera zizolowezi za kalembedwe, imene akatswiri amaitcha sitayilometire, ingathandize, bola mudziwe kuti kompyuta nthawi zonse imaloza munthu. Ngakhale wolemba weniweni atakhala kuti sali pa atatuwo, iyo imasankhabe amene wayandikirako.

Yambani ndi kusonkhanitsa zolemba zimene palibe akutsutsa kuti ndi za aliyense wa atatuwo. Zikhale za mtundu umodzi ndi kalatayo: imelo muifananize ndi imelo, osati ndi lipoti la pachaka. Funsaninso amene anataipa, chifukwa m'maofesi ambiri kalata ya bwana amaikonza ndi mlembi. Chotsani malonje, siginecha ndi mawu ogwidwa kwa ena, koma zolakwika za kalembedwe musazikonze. Wina amalemba "kwambili", wina "kwambiri", wina amamata "ndi" ku liwu lotsatira, ndipo umboni uli momwemo.

Kenako sankhani zowerenga. Mawu a nkhani, monga "malipiro" kapena "katangale", asiyeni, poti amasonyeza zimene munthu akukamba osati mmene amalembera. M'Chingerezi amadalira timawu tating'ono tobwerezabwereza, monga anachitira akatswiri a masamu Mosteller ndi Wallace mu 1964, ndipo njira ya Delta imene John Burrows anaitulutsa mu 2002 yatsamira pomwepo. M'Chichewa timawu tambiri totere timalowa m'kati mwa mneni, choncho ine ndimawerenga timagulu ta zilembo zinayi zotsatizana. Pulogalamu yowerengera zimenezi ya stylo, imene imagwira ntchito mu pulogalamu ya masamu yotchedwa R, ndi yaulere. Ikani mafayilo mu foda ya dzina loti `corpus`, kenako lembani:

```
library(stylo)
stylo(gui = FALSE, corpus.lang = "Other",
      analyzed.features = "c", ngram.size = 4)
```

Chimene chimadya nthawi, ndi ndalama za kasitomala, ndi kuyesa kuti njirayo imalakwitsa kangati. Mumatenga cholemba chimene mwini wake mukumudziwa, n'kuchidula kuti chitalike ngati kalata ija, n'kubisa dzina, n'kuona ngati kompyuta imupeza. Apa ndi pamene zinandisokonekera pa ntchito ina. Ndinaduladula lipoti limodzi lalitali, zidutswa zina n'kuziika kophunzitsira, zina koyesera, ndipo zotsatira zinakongola mokayikitsa. Kompyuta sinkazindikira wolemba ayi, inkangozindikira lipotilo, chifukwa mayina a malo ndi a katundu ankabwerezeka m'zidutswa zonse. Nditapatula kuti cholemba chilichonse chikhale mbali imodzi chathunthu, kulondola kunatsika kwambiri. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: yang'anani timagulu ta zilembo timene tikulekanitsa anthuwo, ndipo mukapezamo zidutswa za mayina, dziwani kuti mukuyeza nkhani.

Musanyadirenso mayeso ochepa. Mukayesa ka 20 osalakwitsa ngakhale kamodzi, masamu amalolabe kuti kulakwitsa kwenikweni kufike pafupifupi 14 peresenti. Komanso mawu 600 ndi ochepa: katswiri wa sitayilometire Maciej Eder anapeza kuti pa mabuku a nthano njira zowerenga mawu zimayamba kudalirika cha pa mawu 5,000. Ndiye wina akabwera ndi pulogalamu yogulitsa n'kumalonjeza kulondola kwa 99 peresenti pa meseji imodzi ya pa WhatsApp, mufunseni kuti anayesera pa chilankhulo chiti ndi pa zolemba zotalika bwanji. Njira ya Cusum ya Andrew Morton inalandiridwapo m'makhoti a ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma ena ataiyesa bwinobwino inagwa.

Pa vuto la kuloza munthu wolakwika, onjezani alembi ena osakhudzidwa ndi mlanduwo, a msinkhu, dera ndi maphunziro ofanana, n'kubwereza kangapo mukusinthasintha zowerenga. Mu stylo ntchito imeneyi ndi ya `imposters()`. Woganiziridwa akamapambana mwa apo ndi apo, palibe chonena.

Lipoti likhale lalifupi: zolemba zimene munagwiritsa ntchito, zimene munachotsa, ndi kuchuluka kwa kulakwitsa. Musalembe kuti "uje ndiye analemba". Ku America, pa mlandu wa United States v. Van Wyk mu 2000, khoti linalola James Fitzgerald wa FBI kusonyeza kufanana kwa zolemba, koma linamuletsa kutchula wolemba. Ku England mu 2008, pa mlandu wa mtsikana amene anasowa ku Richmond mu 2005, katswiri wa zilankhulo Malcolm Coulthard anasonyeza kuti mameseji otumizidwa pa foni yake atasowa ankasiyana ndi kalembedwe kake n'kugwirizana ndi ka woimbidwa mlandu, koma umboniwu unayendera limodzi ndi wina, monga wa malo amene foniyo inali. Inunso lembani kuti zimene mwapeza zikugwirizana kwambiri ndi kalembedwe ka uje kusiyana ndi ka enawo, ndipo onjezani kuti ngati wolemba anasintha dala kalembedwe, kapena analemba ali awiri, mayeso anu sanafikeko.