Kudziikira malire pa masewera a pafoni

“Kuno ku Luchenza ndimasewera Free Fire yaulere, koma ndalama zikuthera pa madayamondi. Ndidziletse bwanji?”

Achimwene, masewera aulerewo amadyera pa zotsatsa malonda ndi tinthu togula mkati: madayamondi, zovala za msilikali, ndi mabokosi amwayi omwe mumalipira musanadziwe chotulukamo. Mabokosiwa ndiwo ndimaopa, poti mukaphonya mumati “kamodzinso”.

Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu, musankhe `Payments & subscriptions`, kenako `Budget & history`. Pa `Set budget` lembani malire a mwezi, tinene ndalama zofanana ndi K5,000.

Koma dziwani, bajetiyi imangowerenga, siyitseka kugula. Zogula kwa ogulitsa madayamondi pa Mpamba kapena Airtel Money siyiziona n'komwe, choncho zimenezo muzilemba m'kope. Ine zikakwana K5,000 pa 18, ndimadikira mpaka pa 1.