Wafika ku Joni ndipo ukufuna timu ya mpira? Yambira pa bwalo la Lamlungu

Sabata iliyonse anyamata amakwera basi pa Mangochi Boma ulendo wa ku Joni, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe timawaonera madzulo akuthamangitsa chikopa m'mabwalo a ku Namwera, ku Malindi ndi ku Makawa. Akafika kumeneko mpira umathera pomwepo. Munthu amadzuka kupita kuntchito, kubwerera m'kachipinda, miyezi n'kumapita osadziwana ndi aliyense kupatula amene akugona naye. Ine ndidakhalako zaka zingapo, ndipo ndikufuna ndikuuze, mphwanga, momwe munthu wachilendo amalowera mu timu.

Choyamba udziwe kuti mpira wa anthu wamba ku South Africa uli pawiri. Pali mpira wa sosho, umene anthu amangokumana Lamlungu n'kugawana mbali, ndipo palibe amene amakufunsa chiphaso. Ndiye pali mpira wa ligi, umene uli pansi pa SAFA, bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo, kudzera m'timabungwe ta m'madera totchedwa LFA. Kumeneko wosewera aliyense amalembetsedwa ndipo amakhala ndi khadi lake. Pamwamba pa LFA pali maligi a zigawo, kenako ABC Motsepe League. Anyamata ambiri amalakwitsa pothamangira khomo lachiwirili asanadutse loyamba, akabwezedwa n'kugwa mphwayi.

Mwana wa mlongo wanga atafika ku Mayfair, dera la mu Johannesburg momwe muli a kwathu ambiri, ndidamuuza kuti asafunse kuti "timu ili kuti?" koma kuti "Lamlungu anthu amasewera pati, nthawi yanji?" Funso limenelo adalifunsa potuluka ku mzikiti Lachisanu, n'kulifunsanso kwa wometa tsitsi. Anthu awiri atatchula bwalo lomwelo, adadziwa kuti ndi lenileni. Wopemphera ku tchalitchi achite chimodzimodzi akaweruka mapemphero. Pa foni ungathe kuwapeza matimu, koma munthu amene wakuona nkhope ndiye amakutenga n'kukakusiya m'manja mwa kaputeni, komanso ndiye amakulowetsa m'gulu la WhatsApp momwe amalengezamo nthawi ndi malo.

Lamlungu loyamba adapita molawirira atanyamula nsapato, koma sadapemphe kusewera. Adapereka moni, nathandiza kutola mipira yotuluka, nafunsa kuti woyang'anira ndani. Chakumapeto wina atatopa adamulowetsa kwa mphindi zochepa. Atafunsidwa malo ake adati amatchinga kumbuyo chakumanzere, ngakhale kuno ankasewera kutsogolo. Pamenepo adaganiza bwino. Aliyense wobwera amati ndi womwetsa zigoli, ndiye kutsogolo kumadzaza msanga, pomwe otchinga kumbuyo ndi magoloboyi amasowa pafupifupi paliponse. Ukalowera pamene pali mpata, malo amene umawakonda udzawapeza anthu akakudziwa.

Tsiku limenelo adandiimbira ali ndi nkhawa, akuti wathamanga pang'ono chabe koma chifuwa chimatentha ngati wadwala. Sikudali kudwala. Mangochi ili m'munsi, m'mphepete mwa nyanja, pamtunda wosafika mamita 500, pomwe Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, ndipo thupi limatenga masabata angapo kuti lizolowere. Choncho usadziyese pa masewero oyamba. Uzithamanga pang'onopang'ono mkati mwa sabata, uzimwa madzi ambiri, ndipo ukalowa m'bwalo uzipatsira mpira msanga m'malo mothamanga nawo. Wopita ku Durban kapena ku Cape Town vuto ili sakumana nalo poti ndi kunyanja, koma ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo mabwalo a udzu amaterera. Kumeneko nsapato zopanda mano zimakugwetsa. Zoteteza msongolo ugule ndithu, chifukwa pa masewero a ligi woyimbira sakulola kulowa opanda zimenezo.

Chimene chidamupatsa malo mnyamatayu si luso ayi. Adapita Malamlungu atatu otsatizana osajomba, ndipo pamene anzake ankasonkha ya madzi ndi ya woyimbira, iye adasonkha nawo asanauzidwe. Matimu a anthu wamba amavutika ndi osewera obwera lero, mawa osaoneka, ndiye munthu wosunga nthawi amamugwiritsitsa. Pa Lamlungu lachinayi bambo wina amene ankaonerera adamuitana kuti akayesedwe ku timu yake ya LFA.

Apa ndiye pamene pamafunika kudekha. SAFA imalembetsa osewera pa njira ya pa kompyuta yotchedwa MYSAFA, ndipo amene amakulembetsa ndi timu, osati iwe wekha. Mlembi wa timu adzafuna chithunzi chako ndi chiphaso chako. Kwa mlendo ndiye kuti pasipoti, ndipo uyembekezere kufunsidwanso za pepala lokuloleza kukhala m'dzikomo. Pasipoti ya Malawi imakupatsa masiku 30 okha ongocheza, ndiye usaganize kuti chidindo cha pa Beitbridge chikwanira nyengo yonse ya ligi. Funsa mlembiyo tsiku loyamba lomwe kuti LFA yawo imafuna chiyani kwa osewera akunja, nthawi yolembetsa imatsekedwa liti, ndipo ndalama ya umembala ndi zingati. Ukalipira, upemphe risiti. Pasipoti yako aijambule iwe uli pomwepo, usaisiye m'manja mwa munthu.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Ngati kuno kumudzi udalembetsedwapo ndi timu ya mu ligi ya pansi pa FAM, malamulo a FIFA amati bungwe la dziko lina silingakulembetse lisanalandire kalata yokusamutsa, imene amaitcha ITC. Lamuloli limakhudzanso osewera osalipidwa. Kalatayo imapemphedwa ndi SAFA kuchokera ku FAM, ndipo bungwe loipereka siliyenera kulipiritsa. Ndiye munthu akakuuza kuti umupatse ndalama akutengere ITC ku Malawi, dziwa kuti akufuna kukudyera. Mwana wa mlongo wanga ankangosewera mabonanza a m'mudzi, sadalembetsedwepo paliponse, choncho izi sizidamukhudze. Koma iwe ngati udalembetsedwapo, nena zoona poyambirira, kuti timu iyambe kupempha nthawi ikadalipo. Kwa ana osafika zaka 18 malamulo a FIFA ndi okhwima kwambiri, ndipo pamafunika makolo.

Chimene ndikukupempha ndi mtima wonse n'chakuti usasewere pa khadi la munthu wina. Zimachitika: timu yaperewera osewera, wina n'kukuuza kuti "lero dzina lako ndi ili, palibe amene aone." Makhadi amayang'anidwa masewero asanayambe, ndipo timu inayo ikadandaula, timu yanu imalandidwa mapointi. Mlandu ukafika pokambidwa, amene adakupatsa khadi uja amakhala ndi anthu omuikira kumbuyo, iwe mlendo ulibe. Komanso ukathyoka mwendo ukusewera pa dzina la wina, timu ingathe kukukana kuti sikukudziwa, pomwe ntchito imene udapitira ku Joni yaima.

Ngati mapepala ako sanakonzeke, uza kochi kuti uzichita nawo zokonzekera mkati mwa sabata, masewero a ligi uzionerera kaye, Lamlungu uzibwerera ku sosho. Mnyamata wathu uja adadikira choncho mpaka khadi lake litatuluka, ndipo tsiku loyamba kuvala jezi ya timuyo adamuika kumbuyo chakumanzere komwe kuja.