Rebase ndi merge: mmene ndinamuyesera

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa Git ankangoyankha bwinobwino kuti rebase imasintha mbiri, merge ayi, koma ndinkaona kuti wangoloweza basi. Nde ndinamuuza apange nthambi yokhala ndi makomiti awiri, `main` nayo ipite patsogolo, abwerere pa nthambi yake ija, akopere foda yonse kenako alembe papepala mahashi omwe akuoneka akalemba izi:

```
git log --oneline --graph
```

Mufoda yoyamba `git merge main`, mahashi ali omwe aja, pangowonjezekera komiti ya makolo awiri. Mu inayo `git rebase main`, mauthenga omwewo koma mahashi asintha. Ndinamufunsa kuti bwanji, anakanda mutu kaye kenako akuti kholo la komiti lasintha ndiye hashi singakhale yomweyo, awa ndi makomiti atsopano. Eya! Funso lomaliza, ukanakhala unapusha kale nthambiyi? Akuti `git push` ikana pokhapokha utaikakamiza, ndipo anzako omwe anapula kale uwasokoneza.