Ndalama za K4,000,000 zimene zinasowa pa fomu ya msonkho

Kampani yathu yaing'ono itapereka kale fomu ya msonkho wa pachaka ku MRA, ndinapeza kuti malipiro a ntchito ina sanalembedwe. Kasitomala anaika ndalamazo mu akaunti yathu yachiwiri, ndipo sitetimenti ya ku banki inkaonetsa K3,200,000.

Pamenepa mpofunika kusamala. Ndalama yofunika kulemba si imene inalowa ku banki ayi. Invoisi inali ya K4,000,000, koma kasitomala anadula K800,000 ngati msonkho wodulira pamalipiro. Ndinayamba ndamupempha satifiketi yotsimikiza kudulako, chifukwa popanda iyo palibe umboni woti ndalamayo inaperekedwa m'dzina lathu. Ndinaonanso ngati TIN, nambala ya wokhoma msonkho, imene inalembedwapo ndi yathudi.

Kenako ndinawerengera mwatsopano. Ndalama zimene tinagwiritsa ntchito pogwira ntchitoyo zinali zitachotsedwa kale pa fomu yoyamba, choncho K4,000,000 yonse inawonjezera phindu. Msonkho wake pa 30 peresenti ndi K1,200,000. Kuchotsapo K800,000 ija, ngongole inatsala K400,000.

Ku ofesi ya MRA imene imasunga fayilo yathu ndinapita ndi kalata yofotokoza chaka chokhudzidwa ndi chimene chasintha, mawerengedwe akale ndi atsopano, invoisi, sitetimenti ndi satifiketi ija. Kope langa la kalatayo analidinda. Fomu itakonzedwa, ndinalipira ndi PRN, nambala yolipirira msonkho imene imatengedwa pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, nditatsimikiza kaye kuti ikuloza chaka chomwecho. Chiwongoladzanja cha kuchedwa chinawerengedwa pachokha, ndipo nacho ndinalipira.